A Ndendende ndi Dziko la Maloto

A Ndendende mwina munawaonapo, kungoti simunadziwe kuti ndi iwo. Ndi bambo aatali aja, oonda, a jekete la bulawuni, amene amayenda chowongoka ngati ameza ndodo ya tsache. Amakhala nyumba ya geti lobiriwira, ndipo khoma lawo ndi lathu ndi limodzi. Khomalo ndi lopyapyala, choncho musandifunse kuti zonsezi ndinazimva bwanji.

Dzinali analitenga kukhoti, kumene anagwira ntchito yomasulira mpaka imvi zinadzaza mutu. Mboni ikalankhula Chichewa, iwo ankatembenuzira majisitireti m'Chingerezi. Majisitireti akayankha, iwo ankabwezera mawuwo m'Chichewa. Loya akawapanikiza kuti, "Kodi ndi zimene wanenadi?" iwo ankangowongola tayi n'kuyankha kuti, "Ndendende, bwana." Dzina n'kukhala lomwelo. Ngakhale akazi awo akakwiya amawaitana choncho.

Ndipo sikuti ankadzitama chabe. Mboni ikati "ndinamukankha," iwo sankanena kuti "ndinamumenya," chifukwa pakati pa mawu awiriwo munthu amatha kupita kwawo kapena kukagona kundende. Mboni ikachita chibwibwi, chibwibwicho ankachifikitsa. Ina inatukwana majisitireti pamaso, iwo anatembenuza chitukwanocho mwaulemu wonse, manja ali kumbuyo, osachotsapo kachidutswa. Lamulo lawo linali limodzi: usawonjezere, usachotsere, usakometse.

Kupuma pantchito ndiye kumene kunawadwalitsa. Sikuti matenda a kuchipatala ayi. Ankadzuka m'mawa, kusamba, kuvala jekete lija, kenako n'kukhala pawindo kuyang'ana anthu akupita kuntchito. Wailesi ikalakwitsa liwu ankaidzudzula, koma wailesi siyankha. Tikawapititsira kapepala ka m'bokosi la mankhwala kuti atiwerengere, ankasangalala ngati tawapatsa mphatso, n'kutimasulira mpaka adiresi ya fakitale. Kenako anayamba kuiwala tayi. Tsiku lina anatuluka pakhonde atavala jekete ndi patapata.

"Akufota bambowa," anatero akazi awo, mayi a Kachangu, tikuyanika zovala. "Chakudya akungochitosatosa. Munthu wazolowera kufunsidwa, lero palibe womufunsa ngakhale nthawi."

Kachangu ndi mwana wawo wamkazi wachisamba. Tinamutcha choncho chifukwa anayamba kuthamanga asanadziwe kuyenda bwino, ndipo mpaka pano sanaime. Amagwira ntchito kukampani ina yaing'ono yotsatsa malonda, ija imakonza zikwangwani za m'misewu ndi mauthenga a pawailesi. Ntchito yake ndi kuima pakati pa eni katundu ndi anthu olemba ndi kujambula. Kampaniyo inkafuna munthu wodalirika woika mawu m'Chichewa, chifukwa amene ankachita zimenezi anali atasamuka. Kachangu anangokweza dzanja pamsonkhano: "Bambo anga ndi katswiri."

Bwana wake anavomera kuti awayese ndi ntchito imodzi. Ikakoma, malo ndi awo. Ikapanda kukoma, afuna wina.

Madzulo amenewo Kachangu anafika ndi chithunzi chosindikiza: mayi atagona pa matiresi oyera, akumwetulira m'tulo, ndipo pansi pake mizere iwiri ya Chingerezi: "Drift off to dreamland. Wake up a brand-new you."

"Basi, mawu ake ndi omwewa?" anafunsa a Ndendende, akupukuta magalasi. "Ine ndamasulirapo zigamulo zoyamba m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, mayi. Izi ndi za kamwa limodzi."

"Bambo, izi si za kukhoti. Mawuwa akakhale pachikwangwani, munthu awawerenge ali m'basi ikuyenda. Akalowenso pawailesi. Amveke ngati a kwathu."

"Ukundiphunzitsa Chichewa iwe? Unabadwa ndikuchilankhula."

M'mawa mwake tayi inabwerera pakhosi. Anapukuta tebulo la pabalaza, kuchotsapo maluwa apulasitiki a mayi, kuikapo madikishonale awiri, wina wopanda chikuto. Liwu lililonse analiyeza ngati golide. Pofika masana anatuluka kuseri, kumene mayi a Kachangu ankachapa, n'kuima ngati ali pamaso pa majisitireti.

"Tamverani, mayi. Yandamani pang'onopang'ono kupita ku dziko la maloto. Dzukani muli inu watsopano kotheratu."

Mayi anasiya kufinya malaya. "Wamira ndani?"

"Palibe wamira. Ndi matiresi."

"Nanga akuyandamayo? Ndiye akafika kudziko lakelo abwerako? Chifukwa kwa ine zikumveka ngati uthenga wa pamaliro. Ndipo inu watsopanoyo ndani? Wakaleyu mumutaya kuti, ndikamutole?"

"Inu simudziwa Chingerezi, n'chifukwa chake."

"Eya, sindichidziwa. Koma mwati mwandiwerengera Chichewa."

A Ndendende anapinda pepala lawo bwinobwino, n'kulowa m'nyumba. Kachangu atabwera anali pa liwiro lake lija, foni kukhutu, ndipo anangolitenga pepalalo n'kuliponya m'chikwama osaliwerenga. Apa ndiye analakwitsa mwanayu.

Zimene zinachitika kuofesi tinazimva mawa lake madzulo, chifukwa khoma lija. Kumeneko ali ndi chizolowezi choti mawu alionse, asanapite kwa mwini katundu, amawerengedwa mokweza anthu onse akumva. Amene amalankhula mauthenga awo a pawailesi anayesa kuwerenga ndi mawu ake okoma aja. Anafika pa "yandamani" n'kuphulika kuseka. Anayesanso, mpweya unamuthera asanafike ku dziko la maloto. Wojambula wa pakompyuta, bambo wina wandevu, anayesa kulowetsa mawuwo pachithunzi, ndipo anaphimba mayi wogonayo mpaka pachibwano. Kuti akwane anayenera kuwachepetsa mpaka kukhala ngati nyerere.

"Anakuseka?" anafunsa a Ndendende.

"Sanaseke ine, bambo."

Tinamva supuni ikuzungulira m'kapu nthawi yaitali.

"Tandiuza liwu limene ndalakwitsa. Limodzi lokha. Tenga dikishonale apo."

"Palibe, bambo. Onse ndi olondola."

"Nanga tsono?"

"Vuto lake ndi lomwelo. Mwanyamula mawu onse, koma tulo mwatisiya kutsidya. Munthu wa Chingerezi akawerenga zake zija amayasamula, amafuna bedi. Wathu akawerenga zanuzi akufunsa kuti wamira ndani."

"Amayi ako akuuza eti?"

"Sanandiuze. Kuofesinso anafunsa chomwecho."

"Ndiye ukufuna ndiname? Ndilembe zimene mwini wake sananene? Ine moyo wanga wonse sindinaikepo mawu m'kamwa mwa munthu."

"Si kunama, bambo. Tangoganizani kuti mwini matiresiyo anabadwira kuseri kwathu kuno, Chingerezi sanachimvepo, ndipo akufuna kuuza mnzake kuti matiresi akewa ndi okoma. Anganene bwanji?"

"Sindingalankhulire munthu amene sindinamumve. Ndipo matiresi akewo sindinawaonepo n'komwe. Kukhoti chinthu chikamakambidwa chimabwera patebulo, aliyense achione."

Ananena zimenezi pofuna kutseka nkhani. Koma Kachangu ndi Kachangu. Bwana wake anali atamupatsa mpata womaliza, chifukwa mwini matiresi ankabwera kumapeto kwa sabata kudzaona ntchito. Tsiku lotsatira tinangoona takisi ikulowa mumsewu mwathu pang'onopang'ono, pamwamba pake atamangirira matiresi aakulu, akadali m'pulasitiki. Anali omwe aja anajambulira chithunzi, amene ankangotsamira khoma kuofesi. Msewu wonse unatuluka. Wina anafuula kuti, "A Ndendende, mukukwatiranso?" Iwo anayankha kuti, "Ndi umboni uwu, si katundu wanga," n'kugwira ngodya imodzi kuthandiza kulowetsa.

Matiresi awo akale ndinawaonapo akuwayanika. Pakati anali ndi chigwa choti mwana akhoza kubisalamo, ndipo mayi a Kachangu ankadzuka m'mawa uliwonse atagwira msana, akuyenda chopindika mpaka madzi a tiyi atawira. Mayiwa ndi amene amadzutsa msewu wathu. Tsache lawo likayamba kulira pabwalo, timadziwa kuti nthawi yakwana.

M'mawa wotsatirawo tsache silinalire. Ana a nyumba ziwiri anachedwa kusukulu. A Ndendende anadzuka okha, kuwiritsa madzi okha, n'kukhala pabalaza ndi pepala lopanda kanthu, pensulo kukhutu. Dzuwa litafika pawindo, mayi anatulukira, nsalu ili pambali, maso ali otupa ndi tulo.

"Ii, abale! Bwanji osandidzutsa? Ine kungogona, kunja kwayera! Sindinatembenuke n'komwe."

"Msana uli bwanji?"

Mayi anadziwongola, kupinda uku ndi uku, kudabwa. "Thupi lapepuka ngati si langa."

A Ndendende anatsitsa pensulo kukhutu pang'onopang'ono. "Tabwerezani zimene mwanenazo."

"Ziti?"

"Zonse. Monga mwanenera. Musakometse."

"Mwayamba khoti m'mawa uno? Ndati kungogona, kunja kwayera. Pali mlandu?"

Iwo analemba. Anawerenga chamumtima, milomo ikugwedera. Anayang'ana Chingerezi chija, kuyang'ana mayi, kuyang'ananso Chingerezi. Mzere woyamba unkanena za munthu amene tulo tamutenga mosavuta, osadziwa pamene wachokera. Wachiwiri unkanena za munthu wodzuka ngati wasinthidwa. Ndipo pamaso pawo panaima mboni, yosadziwa liwu limodzi la Chingerezicho, itanena zonse ziwiri isanasambe n'kumaso komwe.

Mtima wawo unakhazikika pamenepo. Sanaike mawu m'kamwa mwa munthu. Anawamva ndi makutu awo.

Koma musaganize kuti ntchito inathera pomwepo. Tsiku lonse anazungulira pabwalo akulankhula okha ngati wozungulira mutu. Anayesa "mukangogona," anaona kuti likulemera. Anayesa kusiya "ngati si langa," n'kulichotsa, akuti chikwangwani sichinganene "langa," ndipo "ngati si lanu" likuwopseza. Ankawomba m'manja pang'onopang'ono kumvetsera ngati mizere iwiriyo ikuyenda mofanana. Anatuluka pageti, kulemba mawuwo ndi makala pakatoni, kuiimika pakhoma, n'kudutsa mofulumira akuyang'ana cham'mbali, kuyesa ngati munthu wa m'basi angamalize kuwerenga. Anadutsa kangapo. Ife tinangoti bambowa zawavuta ndithu.

Kachangu atafika anapeza katoni ili patebulo:

Kungogona, kunja kwayera.
Kudzuka, thupi lapepuka.

Anawerenga mokweza, n'kuyasamula osafuna. Anaseka mpaka kukhala pansi. Kenako nkhope inasintha.

"Bambo, pali chinanso. Mayi mwini matiresiyo si wa kuno, Chichewa sachimva. Ndiye timayenera kumubwezera mawu athu m'Chingerezi, liwu ndi liwu, kuti aone chimene akusainira. Akaona kuti dziko la maloto mulibe, akana. Anthu amenewa mawu awo amawakonda ngati ana. Bwanji pobwezapo tingolemba zofanana ndi zake zija? Tanthauzo ndi lomwelo. Ambiri amatero."

A Ndendende anavula magalasi. "Mwana wanga, pa Chichewa paja wandigonjetsa, ndavomera. Koma apa ndiye ayi. Munthu amene samva chilankhulo ali m'manja mwa womasulira ngati khanda. Ndikamubwezera zabodza, ndamubera makutu. Ndimulembera ndendende."

"Malo aja mukhoza kuwataya, bambo."

"Ndikudziwa."

Mayi a Kachangu, amene ankamvetsera ali kukhitchini, anangoti, "Uwatenge akalankhule okha. Pakamwa ali napo."

Tsiku la msonkhano nsapato zinapolishidwa mpaka kuoneka nkhope. Ofesi ya a Kachangu ili pamwamba pa sitolo ya matayala, ndipo chipinda cha misonkhano ndi chaching'ono: tebulo lalitali, mipando yosafanana, fani yolira ngati ili ndi chifuwa, ndi sikirini pakhoma. Mayi wa matiresi anali wamfupi, wa tsitsi lodula, wolankhula mofulumira kuposa Kachangu amene. Wandevu anaonetsa chithunzi, mawu atsopano ali pansi pake, akuluakulu, mayi wogona uja akuoneka yense.

Kachangu anapereka pepala. Monga amachitira, panali njira zingapo zoti mwini katundu asankhe, iliyonse ndi Chingerezi chake chobweza ndi mawu ochepa ofotokoza. Mayiyo anawerenga ya pamwamba mokweza: "Just lying down, outside is bright. Getting up, the body has become light." Anakweza nsidze.

"Dziko langa la maloto lili kuti?" anafunsa m'Chingerezi. "Mawu amenewa tinawakonza nthawi yaitali. Ali pa zikwangwani m'mayiko ena. Kodi izi ndi zofanana ndi zanga?"

Bwana wa Kachangu anatsegula pakamwa kuti anene kuti inde. Koma a Ndendende anali ataimirira kale, manja kumbuyo, batani la jekete lomanga.

"Ayi, mayi. Si zofanana."

Kachangu akuti anangoyang'ana pansi.

"Ndikuuzani zimene mwataya," anapitiriza m'Chingerezi chawo cha kukhoti chija, chosathamanga. "Mwataya dziko la maloto. Anthu athu amalota, koma maloto sawaona ngati malo okapitako, ndipo munthu wotopa sapempha maloto, amapempha tulo tosadukiza. Mwatayanso munthu watsopano. Kwathu munthu akagona bwino sanena kuti wasanduka wina, amanena kuti thupi lapepuka. Zimene mwasunga ndi izi: tulo tobwera tokha, usiku wodutsa osaumva, ndi m'mawa wabwino. Ngati mukufuna mawu anu enieni, ali pansipo, njira yomaliza. Ndinawalemba ndine, ndipo palibe liwu lolakwika. Akazi anga atawamva anafunsa kuti wamira ndani."

Wandevu anabisa nkhope kuseri kwa kompyuta. Mayi wa matiresi sanaseke. Analoza pakati pa pepala.

"Nanga iyi? Tulo timene umafa nato? Mukufuna kundiphera makasitomala?"

"Ameneyo ndi mwambi wa pakamwa chabe, mayi, ndi mmene timanenera tulo tatikulu, tulo tofa nato. Aliyense amatero, palibe amaganiza za imfa. Ndaiika kuti muone kuti ilipo. Koma ndalemba pambalipo kuti sindikuilimbikitsa. Pakamwa imakoma. Pachikwangwani, pamwamba pa munthu wogona chagada maso ali otseka, ndi nkhani ina."

Mayiyo anayang'ana chithunzi chija, n'kugwedeza mutu pang'ono. Kenako anati, "Ndiwerengereni. Yoyamba ndi yomaliza. Sindimva, koma ndikufuna kumva."

A Ndendende anawerenga yomaliza poyamba, ya kuyandama ija, mwachilungamo, osainyoza ndi mawu. Inatenga nthawi ngati sitima yonyamula katundu. Kenako anapuma, n'kutsitsa mawu: "Kungogona, kunja kwayera. Kudzuka, thupi lapepuka."

"Bwerezani."

Anabwereza. Mayiyo anagogoda tebulo ndi chala motsatira, kawiri uku, kawiri uku.

"Mawuwa anachokera kuti?"

"Kwa mboni, mayi. Inagona pa matiresi anu usiku umodzi. Msewu wathu wonse unachedwa kudzuka."

Apa ndiye anaseka. Koma mayi uja ndi wamalonda, sagonja ulele. Anati maloto ake sangawataye onse, chifukwa ndi chizindikiro cha kampani yawo kulikonse. Anakangana kwa kanthawi, mpaka wandevu anati maloto akhoza kulowa m'chithunzi m'malo mwa mawu: mitambo ndi tinyenyezi pamwamba pa mutu wa wogonayo, kuwala kwa m'mawa kukulowa pawindo mbali inayo. A Ndendende anati zimenezo si za womasulira, iwo alibe nazo mawu. Mayiyo anati awatumizira anthu ake a m'sitolo mizere iwiriyo kuti amve maganizo awo, ndipo akapanda kudandaula, zipite.

Akutuluka anaima pakhomo n'kuuza bwana wa Kachangu kuti, "M'mayiko onse amene tamasulira mawuwa, aliyense amandiuza kuti ndi chimodzimodzi. Bambo awa ndi oyamba kundiuza chimene ndataya. Timabuku tathu ta m'sitolo tikubwera mwezi wamawa. Ndikufuna tidutse m'manja mwawo."

Kachangu akuti anatsika masitepe akulira, bambo ake akumufunsa kuti chamuluma n'chiyani.

A m'sitolo sanadandaule. Matiresi aja anabwerera kuofesi pa takisi yomweyo, mayi a Kachangu ataima pageti ngati akutsanzika m'bale wopita kutali. Mlungu wonse sanawalankhule bwino a Ndendende. "Mboni mwaigwiritsa ntchito, mwaibwezera m'chigwa," ankatero. Nkhani imeneyo inakonzedwa pambuyo pake, a Ndendende atagula matiresi atsopano, ndipo tsache la m'mawa masiku ano limachedwerapo. Tinazolowera.

Chikwangwani chinakwezedwa pamphambano yaikulu, pafupi ndi pokwerera basi. A Ndendende anapita kukachiona atavala jekete, n'kuima pansi pake ngati akudikira basi, koma makutu ali tcheru. Anthu ankawerenga, ena kumwetulira, ena osalabadira. Amayi awiri onyamula zikwama anaima pafupi nawo.

"Kungogona, kunja kwayera," anawerenga mmodzi. "Ii, ine zimenezo ndinaziiwala. Msana wangawu!"

"Koma awa ndiye alemba bwino," anatero mnzake. "Osati zomasulira zija, zomveka ngati munthu akutafuna miyala. Izi zikuoneka kuti anangoziganiza m'Chichewa momwemo."

A Ndendende anabwera kunyumba osadziwa kuti akondwe kapena akhumudwe. Anakhala pakhonde n'kuwafotokozera mayi.

"Moyo wanga wonse, anthu ankandiona ndaima pakati. Lero ndagwira ntchito yoposa zonse, ndipo akuti palibe anamasulira."

"Ndiye mumafuna alembe dzina lanu pansi pa bedi?" anatero mayi. "Imwani tiyi, akuzizira."

Masiku ano amapita kuofesi kuja kangapo pa sabata. Anawapatsa tebulo pafupi ndi windo, pakati pa wandevu ndi makina osindikizira. Dikishonale wopanda chikuto uja anapita naye, koma akuti nthawi zambiri amakhala pansi pa kapu. Chizolowezi chatsopano ndiye chatisautsa ife. Ukangodandaula za sopo wosachita thovu, kaya za nsapato yothina, umangoona bambo aatulukira pakhoma, pensulo kukhutu.

"Pepani, mayi. Tabwerezani zimene mwanenazo. Monga mwanenera."

Dzulo ndinawauza kuti ndiyamba kulankhulira m'nyumba, mawindo otseka. Anati khomalo ndi lopyapyala mbali zonse ziwiri.